Mwaulula kale kwa mnzanu wa kuntchito: mmene mungamupemphere kuti nkhani ithere pa iye

Mng'ono wanga amagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina ku Randburg, kuno ku Joni, m'dziko la South Africa. Tsiku lina kumayambiriro kwa Marichi anandiimbira foni usiku, mawu akunjenjemera. Masana a tsikulo fungo la mafuta okazingira tchipisi linamutembenuza mtima, anathamangira kuseri kukasanza, ndipo mayi wina wa kwathu amene amatsuka naye mbale anamutsatira ndi kapu ya madzi. Mayiyo anangomuyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Miyezi ingati, mwanawe?" Iye anayankha kuti iwiri. Nkhani inatuluka chomwecho, popanda kukonzekera.

Vuto linali pawiri. Ntchitoyo anaiyamba pa 1 Febuluwale, ndipo anali pa miyezi itatu yoyesedwa yomwe imatha kumapeto kwa Epulo. Kumudzi nako, ku Ntcheu, mayi athu anali asanamve kanthu, ndipo mwini mimbayo anali asanatumize ankhoswe. Funso lake linali lakuti, "Achemwali, ndipite ndikawauze chiyani antiwo kuti asanene?"

Zomwe ndinamuuza usiku umenewo, ndi zomwe tinaphunzira pamene zinthu zinkayenda, ndi zimene ndalemba pano. Ndatsata nkhani ya mimba chifukwa ndi imene ndinaiona ndi maso, koma njira yake ndi yomweyo ngati mwaulula za matenda, za ngongole, kapena kuti mukufunsira ntchito kwina.

Yambani mwadzifunsa kuti munanena chiyani kwenikweni

Musanapite kwa mnzanuyo, khalani pansi mukumbukire mawu amene anatuluka pakamwa panu. Munthu akachita mantha amaganiza kuti waulula zonse, ndiye popita kukapempha chinsinsi amakawonjezera zomwe mnzakeyo sankazidziwa. Mng'ono wanga ankafuna kukayamba ndi mawu akuti, "Anti, paja mukudziwa kuti mwamunayo sanapite kwathu." Nditamufunsa bwinobwino, ndinapeza kuti za mwamuna sanazitchule n'komwe. Mayiyo ankangodziwa za mimba ndi miyezi yake. Akanapita ndi mawu amenewo akanamusenzetsa katundu wachiwiri, wolemera kuposa woyamba.

Kumbukiraninso pamene munayima ndi amene anali pafupi. Ife a ku Malawi tili ndi chizolowezi choyesa kuti Chichewa ndi mpanda, kuti tikamalankhula pakati pa anthu a Chizulu ndi Chisutu palibe akumva. M'makhitchini ndi m'mashopu a ku Joni muli anthu a ku Zambia olankhula Chinyanja, a ku Tete, ndi a ku Zimbabwe amene anakulira m'migodi ndi m'mafamu pamodzi ndi ana a anthu a kwathu. Ngati wina wotere anali pafupi, ndiye kuti oti muwapemphe ndi awiri.

Kenako tchulani mumtima anthu amene simukufuna kuti amve. Kuno nkhani imayenda njira ziwiri. Ina imakwera kupita kwa bwana kudzera kwa supavaiza. Ina imatsika kupita kumudzi kudzera ku tchalitchi, ku gulu la chipereganyu, pa WhatsApp, ndi kwa matiransipota amene amanyamula katundu kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda mpaka ku Mwanza. Mnzanu akhoza kutseka bwino njira yoyamba koma yachiwiri osaiganizira, chifukwa kwa iye kuuza mlamu wake wa ku Balaka si kuulula, ndi kucheza chabe.

Kodi ndi nkhani yoti munthu angathe kuisunga?

Pali nkhani zomwe ndi zanuzanu, ndipo muli ndi ufulu wonse wosankha tsiku loziulula. Mimba ili m'gulu limeneli. Lamulo la zantchito la dziko lino la 1997, lomwe pamapepala limalembedwa kuti BCEA, limangofuna kuti mayi woyembekezera adziwitse owalemba ntchito m'kalata kutatsala masabata osachepera anayi kuti ayambe tchuthi chokachira. Za HIV nazonso ndi zanu. Palibe lamulo lokukakamizani kuuza bwana, ndipo lamulo la 1998 loletsa tsankho pantchito sililola kampani kukuyezani magazi pokhapokha khothi la zantchito litavomereza. Mu 2007 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lino linalamula kuti amayi atatu apatsidwe chipepeso chifukwa mayina awo anasindikizidwa m'buku pamodzi ndi nkhani ya HIV iwo asanavomere. Choncho popempha chinsinsi pa nkhani zotere simukupempha chifundo chokha ayi, mukupempha chinthu chomwe ndi chanu.

Koma pali zina zomwe mukamuuza munthu kuti asunge, mwamuika pamoto. Ngati munamuuza kuti mumatulutsa nyama ya m'sitolo, kuti ndalama za mu tilo zinaperewera chifukwa cha inu, kapena kuti makina ena ndi owonongeka ndipo angavulaze munthu, tsiku lomwe nkhani idzaphulike iye adzafunsidwa chifukwa chomwe anakhalira chete, ndipo ntchito ikhoza kumuthera limodzi nanu. Pamenepo musamupemphe kuti asunge mpaka kalekale. Chomwe mungapemphe ndi masiku owerengeka oti mukanene nokha.

Onaninso udindo wa munthuyo. Mnzanu wotsuka naye mbale ndi wosiyana ndi mnzanu amene anakwezedwa kukhala supavaiza, ngakhale nonse mumakwera tekisi imodzi. Supavaiza akamva, kampani ikhoza kutengedwa ngati yamva. Mukamuuza kuti wina akukugwiragwirani kapena kukuvutitsani kuti mugone naye, lamulo limafuna kuti kampani ichitepo kanthu ikangodziwa, ndiye iye sangalonjeze kukhala duu. Chimodzimodzi za mapepala: kulemba ntchito munthu wopanda chilolezo ndi mlandu kwa kampani, choncho supavaiza amene mwamuuza kuti pemiti yanu inatha mwamupatsa khala lamoto m'manja. Ndimaona kuti nkhani ya mapepala ndi imene simuyenera kuiyamba n'komwe kuntchito, ngakhale kwa wa mudzi umodzi, chifukwa ilibe tsiku lothera ndipo imasanduka chida tsiku lomwe mwayambana.

Mayi wotsuka mbale ndi mng'ono wanga uja sanali supavaiza, ndipo nkhani inali ya mwini thupi. Tinapitirira.

Pitani msanga, ndipo pitani ndi miyendo

Pakadafunda padajiwitsa galu. Nkhani yatsopano imayabwa pakamwa usiku woyamba, pamene munthu wafika kunyumba, wavula nsapato, ndipo wina wamufunsa kuti kuntchito kunali bwanji. Ngati mwaulula masana, lankhulani naye musanaweruke. Ngati mwaphonya, m'mawa mwake shifiti isanayambe. Mukadikira mpaka Lolemba ndiye kuti mwadutsitsa Lamlungu, ndipo Lamlungu ndi tsiku lomwe a kwathu onse amakumana.

Malo ake akhale oti muli awiri koma osachititsa chidwi. Kukokerana m'kachipinda kosinthira zovala n'kutseka chitseko kumaitana maso. Ndi bwino kuyenda naye kuchokera pa geti kupita ku renki, kapena kumupempha kuti akuperekezeni kukagula mkate nthawi yopuma. Mu tekisi ayi. Pa mzere wa pa renki ya Bree ayinso, poti simudziwa amene wayima kumbuyo kwanu.

Musachite zimenezi pa foni ngati pali njira ina. Uthenga wakuti "chonde musauze munthu za mimba ija" ndi umboni wolembedwa wa chinthu chomwe poyamba chinali mawu a pakamwa chabe. Mafoni a kuno amabwerekedwa, ana amaseweretsa, amuna ena amafufuza. Ngati simungachitire mwina, lembani kuti, "Anti, ndikufuna tionane mawa tisanalowe, ndili ndi mawu pang'ono," basi.

Funso loyamba: "Mwina mwatchulirako kale wina?"

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Timafika ndi pempho, mnzathuyo n'kuvomera mwaulemu, pomwe nkhani anaipereka kale dzulo ndipo akuchita manyazi kunena. Inu mumachoka mtima uli m'malo, moto ukuyaka kuseri.

Funsani m'njira yoti kuvomera kukhale kosavuta. Mukati, "Simunauze munthu, eti?" yankho lake ndi limodzi, ndipo mwina ndi bodza. Mng'ono wanga ndinamuuza kuti adzitengere yekha cholakwa, anene kuti: "Anti, dzulo ndinasokonezeka, sindinakuuzeni kuti nkhani ija sinafike poti anthu amve. Mwina mwatchulirako kale wina? Ngati ndi choncho sindikwiya ayi, kulakwa ndi kwanga, ndingofuna ndidziwe poyambira."

Mayiyo anakhala kaye chete, kenako anati, "Kuntchito kuno palibe. Koma bambo a kunyumba ndinawauza usiku."

Bambo a kunyumbawo amathandiza kupakira katundu kwa tiransipota wina ndipo amapita kumudzi kawiri pamwezi. Mng'ono wanga akanangopempha osafunsa, sakanadziwa kuti njira yopita ku Ntcheu inali itatseguka kale.

Pempho lenilenilo

Mawu akuti "musauze munthu" ndi opanda mphamvu, chifukwa aliyense amawamasulira mwake. Kwa wina, mwamuna wake si "munthu", ndi thupi limodzi. Kwa wina, abusa si "munthu". Wina amatengera nkhani ku mapemphero a amayi Lachinayi n'kunena kuti, "Tiyeni timupempherere mtsikana wina wa kuntchito kwathu, sindimutchula dzina," pomwe Amalawi pa lesitilantiyo alipo awiri okha. Onsewa akhoza kulumbira kuti sanaulule, ndipo mumtima mwawo akunena zoona.

Pempho logwira limatchula chomwe chisungidwe, anthu amene asamve, ndi tsiku lomwe katunduyo adzatulidwe. Chifukwa chake chinenedwe mwachidule, chiganizo chimodzi, kuti munthu amvetse chomwe chingawonongeke. Mng'ono wanga ananena motere:

"Anti, ndikupempha kuti za mimbayi zikhale pakati pa ine ndi inu. Manijala asamve, supavaiza asamve, ngakhale anzathu a m'khitchini. Kutchalitchi ndi kumudzinso chonde ayi, mayi anga sanamve ndipo ndikufuna amve kwa ine. Miyezi yanga yoyesedwa ikutha pa 30 Epulo, ndiye sabata yoyamba ya Meyi ndidzapereka kalata ndekha ku ofesi. Ndikadzapereka ndidzakuuzani, mudzamasuke. Mungathe kundisungira mpaka pamenepo?"

Tsikulo ndi limene limapepukitsa katundu. Kusunga nkhani mpaka imfa ndi ntchito yomwe anthu ochepa amaitha, koma masabata asanu ndi atatu pafupifupi aliyense angapirire, chifukwa akuona pothera. Tsiku limamuuzanso mnzanu kuti simukumulowetsa m'chinyengo, mukungosankha nthawi. Ndipo limakumangani inunso kuti musazengereze.

Taonani kuti pempho linathera pa funso. Musalamule, ndipo musalumbiritse munthu pa Baibulo kapena pa ana ake. Amene mwamukakamiza kulumbira amayamba kukuonani ngati mwamuyesa wamiseche, ndipo mtima umenewo ndi umene umatsegula pakamwa tsiku lomwe mwasemphana pa za ndandanda wa mashifiti. Musamuopsezenso ndi zinsinsi zake zomwe mukudziwa. Mukatero ubale watha, chatsala ndi anthu awiri ogwirana pakhosi.

Za mwamuna kapena mkazi wa mnzanuyo zitchuleni mosabisa. Anthu ambiri apabanja sangalonjeze kubisira anzawo a m'nyumba, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Poti apa bambowo anali atamva kale, pempho linasintha: "Ndiye chonde mukawauze madzulo ano kuti ndapempha, asakanene kumudzi." Mayiyo anavomera, koma ananena chilungamo kuti pakamwa pa amuna awo sangapaikire kumbuyo akakhala pa ulendo ndi anzawo. Mawu amenewo anatithandiza kuposa lonjezo.

Mupatseni choyankha akafunsidwa

Zinsinsi zambiri sizituluka chifukwa cha nkhanza. Zimatuluka pamene wina wafunsa mwadzidzidzi, munthu n'kusowa chonena, nkhope n'kuyankha yokha. Supavaiza akafunsa kuti, "Mnzako uja akungosanza bwanji, ali ndi mimba?" ndipo mayiyo n'kumwetulira kapena kunena kuti, "Ine sindinganene, ndinalonjeza," nkhani yatha pomwepo.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Gwirizanani mawu amodzi, afupi, omwe si bodza. Awiriwa anagwirizana kuti yankho likhale lakuti, "Za thupi la munthu mufunseni mwini wake," ndipo mayiyo aziyankha chomwecho pa za wina aliyense, kuti lisamveke lachilendo. Musamupemphe kuti aname, monga kunena kuti muli ndi zilonda za m'mimba. Mu Meyi choona chidzadziwika, inu mudzakhala ndi chitetezo cha lamulo, koma iye adzatsala ndi mbiri yoti ananamiza bwana.

Muuzeninso kuti asakusamaleni moonetsera. Izi zimaoneka zazing'ono koma ndi zomwe zinatsala pang'ono kuwononga zonse. Mayiyo, mwa chikondi chake, anayamba kulanda mng'ono wanga thumba la mbatata la makilogalamu 10 pamaso pa anthu, uku akuti, "Iwe usanyamule, khala pansi." Patatha masiku awiri mng'ono wanga anachita kumukokera pambali n'kumuuza kuti, "Anti, mukandithandiza muzingonyamula osalankhula, kapena tizisinthana ntchito mwakachetechete." M'khitchini muli amayi obereka, sachedwa kuwerenga zizindikiro.

Mvetserani mmene wayankhira

Munthu amene asungedi kawirikawiri amafunsa mafunso: mpaka liti, nanga wakuti akudziwa, nanga akandifunsa ndinene chiyani. Mafunso amenewo akusonyeza kuti akuyeza kulemera kwa katundu. Amene amandidetsa nkhawa ndi wofulumira kunena kuti, "Aaa, ine ndiye manda, za anthu ndimasunga zambiri, ngakhale za uje uja sindinauzepo munthu," kenako n'kukuuzani za ujeyo. Wakuonetsani yekha mmene zanu zidzayendere. Wina amafuna kudziwa zambiri, mwamunayo ndi ndani, amakhala kuti, akwatira kodi. Yankhani mwaulemu kuti zinazo mudzakamba nthawi ikakwana, ndipo musawonjezere kanthu.

Akakana, kapena akanena kuti sangalonjeze, muthokozeni. Wakupatsani mpata wokonzekera. Mufunseni kuti angakupatseni masiku angati, ndipo mugwiritse ntchito masiku amenewo kukanena nokha.

Ngati nkhani inayenda pa foni

Mwina munaulula pa WhatsApp, kapena munatumiza chithunzi cha khadi la kusikelo. Batani la "Delete for everyone" limagwira ntchito kwa masiku awiri okha chitumizireni, limasiya chizindikiro choti panali uthenga, ndipo silifafaniza chomwe munthu anajambula kale pa sikirini kapena kutumiza kwina. Choncho fafanizani mbali yanu, koma mupempheninso mnzanuyo kuti afafanize pa foni yake muli pomwepo, kuphatikizapo m'malo osungira zithunzi. Nenani kuti mukuopa ana kapena wobwereka foni, zomwe ndi zoona, kuti asaone ngati mukumukayikira iye.

Masabata odikira

Mukapempha kamodzi, siyani. Kumukumbutsa m'mawa uliwonse kuti "paja musaiwale" kumamutopetsa, ndipo anthu amayamba kudabwa kuti awiriwa akunong'onezana chiyani. Musayambenso kumugulira mayunitsi kapena kumugwirira shifiti ngati malipiro. Mukayamba kulipira, chinsinsi chimakhala ndi mtengo, ndipo mtengo umakwera. Ngati iye ayamba kubwereka ndalama uku akutchula nkhani ija, musabwereke mawu: nthawi yoti mukaulule nokha yakwana, chifukwa chinsinsi chikadziwika sichigulitsikanso.

Inunso dzisungireni. Zimachitika kuti munthu wapempha mmodzi kuti asunge, kenako yekha n'kuuza ena atatu, aliyense payekha, aliyense ndi "musauze munthu". Nkhani ikatuluka simungadziwe pomwe yadontha, ndipo mumakwiyira wosalakwa.

Kudontha kumadziwika ndi zinthu zazing'ono. Anthu amasiya kulankhula mukalowa. Wina amene simucheza naye amakufunsani za thanzi lanu. Maso amatsikira pamimba musanapatsidwe moni. Choopsa kwambiri ndi pamene mashifiti anu ayamba kuchepa popanda chifukwa, kapena mwayamba kulembedwa machenjezo pa tinthu tomwe kale sitinkawerengedwa.

Ikatuluka, thamangirani ku ofesi, osati kwa mnzanuyo

Mtima umafuna kukayamba ndi amene waulula. Zimenezo zidikire. Pa nkhani ya mimba, malo oipitsitsa kukhalapo ndi pamene bwana wamva mphekesera koma inu simunamuuze. Lamulo la 1995 la ubale wa pantchito limati kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi kuchotsa kosalungama, ndipo limateteza ngakhale amene ali pa miyezi yoyesedwa. Koma bwana amene wamva m'makona akhoza kunena kuti ntchito yanu sinamukhutiritse ndipo za mimba sankadziwa. Mulibe pepala lomutsutsa.

Choncho mukangoona zizindikiro, lembani kalata tsiku lomwelo. Ikhale yaifupi: deti, dzina lanu, mawu oti ndinu woyembekezera, mwezi womwe akuchipatala akuyembekezera kuti mudzachira, ndi pempho loti nkhaniyi ikhale ya mu ofesi. Pangani makope awiri, wolandira asayine pa yanu, kapena itumizeni pa imelo kuti deti lioneke. Kuyambira pamenepo palibe anganene kuti sankadziwa. Ngati atakuchotsanibe, muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe loona za mikangano ya pantchito, kuchokera tsiku lochotsedwa, ndipo kukadandaula kumeneko n'kwaulere.

Kalatayo ili ndi phindu linanso lomwe chinsinsi chimakumanani. Lamulo la 1997 lija limaletsa kugwiritsa mayi woyembekezera ntchito yoika moyo wake kapena wa mwana pangozi. M'khitchini muli zonyamula zolemera, mankhwala amphamvu otsukira uvuni ndi kuyima tsiku lonse. Bwana amene sanauzidwe sangakusinthireni ntchito. N'chifukwa chake ndinamuuza mng'ono wanga kuti ngakhale lamulo likumulola kudikira mpaka cha mu Ogasiti, poti ankayembekezera kuchira mu Okutobala, asapitirire Meyi, ndipo anesi akusikelo akanena kuti ntchito ikumupweteka aulule pomwepo osayang'ana kalendala.

Mukamaliza za ku ofesi, m'pamene mungalankhule ndi mnzanuyo, muli awiri. Funsani, musaweruze: "Anti, nkhani ija yamveka, mukudziwa mmene yayendera?" Mwina si iye. Mwina ndi thupi lanu lomwe lanena. Akavomera, muuzeni kamodzi kuti zakupwetekani, ndipo muzipatsana moni monga kale, poti mawa mudzayimanso pa sinki imodzi. Kungoti zakukhosi musadzamuuzenso.

Mmene zinathera kwa mng'ono wanga

Za kumudzi sitinadikire. Titamva kuti bambo aja anyamuka Lachisanu, tinaona kuti kudalira pakamwa pawo pa ulendo wa masiku awiri kapena atatu n'kudzinamiza. Lachinayi madzulo mng'ono wanga anabwera kwanga ku Turffontein, tinaimbira mayi limodzi, iye analankhula, ine ndinali pambali. Mayi analira, anakalipa, kenako anafunsa ngati wayamba sikelo. Sabata yotsatira mwini mimba anauza amalume ake kuti akaonekere kwathu.

Kuntchito mayi uja anasunga. Supavaiza anamufunsadi kamodzi cha pakati pa Epulo, iye anayankha mawu omwe anagwirizana aja n'kupitiriza kutsuka mapoto. Pa 4 Meyi mng'ono wanga anapereka kalata yake, manijala anasayina pa kope lake, ndipo anamuchotsa ku ntchito yotsuka uvuni. Potuluka mu ofesi anapita molunjika pa sinki n'kunena kuti, "Anti, ndapereka. Mwamasuka, koma za kumudzi ndi za mwamuna zisiyeni ndizinena ndekha." Mayiyo anapukuta manja pa epuloni n'kumuuza kuti ndiye kuyambira lero thumba la mbatata asalikhudzenso, ndipo ananena mokweza kuti khitchini yonse imve.